Dashibodi yathu ikuchedwa, seva ikulira: thandizeni pa nkhani ya kashi

Nambewe: Mwadzuka bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto, mutu waima. Kuntchito kwathu kuno ku Mchinji Boma timagula soya, mtedza, chimanga ndi mpendadzuwa m'madepoti 24. Katundu aliyense akakwera pa sikelo, kalaliki amalemba pa tabuleti, ndipo mzere umodzi umalowa mu tebulo ya `malisiti` mu PostgreSQL. Tinayamba mu 2019, pano mizere yadutsa 8 miliyoni. Dashibodi ya mabwana ili ndi mabokosi 6, ndipo chiyambireni nyengo yogula, ikumangozungulira osatsegula. Dzulo bwana wamkulu anaima kumbuyo kwanga mphindi 4 akuyang'ana kachizindikiro kakuzungulira, ine thukuta kamukamu. Akuti tigule seva yaikulu. Ine ndikuganiza za kashi, koma sindinapangepo. Ndiyambire pati?

aMwale: Achemwali, za kashi musayambe n'komwe. Ife kuno ku Mkanda tinasiya kusunga kashi pa depoti chaka chatha, alimi timawalipira pa foni. Kashi imaitana akuba.

aPhiri: Hahaha aMwale, si kashi ya makwacha ayi! Akunena zosunga yankho la kweri kuti kompyuta isamawerengenso kawiri. Ngati mkute: nsima waphika usiku, m'mawa ungotenga n'kudya, osakolezanso moto.

aMwale: Oho, pepani. Ndaona mawu a kashi ndi depoti basi mtima phaa. Ndikhala chete, ndizingowerenga.

aPhiri: Koma Nambewe, musanafike kutali, ikani indekisi pa `tsiku`. Nthawi zambiri kweri ikachedwa vuto limakhala lomwelo. Ikani indekisi, mavuto atha.

aZulu: Tisathamange. Nambewe, ndiuzeni zinthu zitatu. Kweri yochedwa kwambiri ikutenga nthawi yaitali bwanji mukaiyendetsa yokha, usiku, pamene palibe wina pa seva? Dashibodi imadzitsitsimutsa yokha pakapita nthawi yanji? Ndipo ndi anthu angati amene amaisiya yotsegula tsiku lonse?

Nambewe: Ndayesa usiku wathawu cha m'ma 10 koloko. Yokhayokha ikutenga masekondi 35, zinazo zikuyandikira pomwepo. Dashibodi imadzitsitsimutsa mphindi iliyonse, ndinaika ndine chifukwa bwana amafuna kuona zinthu zikuyenda. Oitsegula ndi anthu 8, kuphatikizapo sikirini yaikulu ya mu ofesi imene sazimitsa. Seva ndi yobwereka pa intaneti, ya makoo awiri. Yolemera kwambiri ndi iyi, yofananiza nyengo zonse:

```sql
SELECT extract(year FROM tsiku), depoti, mbewu,
       sum(kg), avg(mtengo)
FROM malisiti
GROUP BY 1, 2, 3;
```

aZulu: Tiyeni tiwerenge limodzi. Mabokosi 6 kuchulukitsa ndi anthu 8, ndi makweri 48 mphindi iliyonse. Iliyonse ikatenga masekondi 35, mukupempha ntchito ya masekondi 1,680 kuti ichitike m'mphindi imodzi. Makoo awiri pa mphindi imodzi angakupatseni masekondi 120 basi. Ndiye makweri a 9:00 asanathe, a 9:01 afika kale, a 9:02 ali pakhomo, mzere ukungotalika ngati wa pa chigayo tsiku limene magetsi abwera madzulo. N'chifukwa chake bwana anadikira mphindi 4 pa kweri ya masekondi 35. Mukagula seva ya makoo 8 muzilipira zambiri mwezi ndi mwezi, koma 480 sinafikebe pa 1,680.

Ndipo onani chimene anthu 8 onsewo akufunsa. Ndi funso limodzi lomwelo, ndipo gawo lalikulu la yankho ndi la zaka zimene zinatha kalekale. Soya wa 2021 sadzasinthanso, koma mukumuyezanso pa sikelo mphindi iliyonse.

aPhiri: Ndiye indekisi ija.

aZulu: Pa kweri iyi ayi, achimwene. Indekisi imathandiza pamene ukufuna mizere yochepa pakati pa yambiri, monga malisiti a lero okha. Apa palibe `WHERE`, akuphatikiza tebulo yonse, ndiye mzere uliwonse uyenera kuwerengedwa, indekisi ikhalepo kapena ayi. Nambewe, lembani `EXPLAIN ANALYZE` kutsogolo kwa kweriyo, koma usiku, chifukwa imaiyendetsadi. Muona mawu akuti `Seq Scan`. Mukaika indekisi pa `tsiku` n'kubwerezanso, muwaonabe. Ngakhale ya nyengo imodzi yokha, ngati nyengoyo yatenga gawo lalikulu la tebulo, PostgreSQL imatha kuona kuti kuwerenga tebulo yonse motsatana n'kotchipa kusiyana ndi kudumphadumpha. Koma indekisi yanuyo musaitaye, aPhiri, tiifuna kutsogoloku.

aPhiri: Chabwino, ndagonja pamenepo. Ndiye njira yachiwiri: Redis. Yankho likabwera, mulisunge mphindi 5, aliyense wofunsa azipatsidwa lomwelo.

```
SET dash:nyengo_zonse "<json>" EX 300
```

Makweri 48 pa mphindi asanduka 6 pa mphindi 5. Ine ndinachita choncho pa kasistimu ka sukulu ina ku Kasungu, mpaka lero kakuyenda.

aZulu: Iyi ndi njira yeniyeni, ndipo katundu atsikadi. Koma ili ndi minga iwiri pa vuto la Nambewe. Munga woyamba, mphindi 5 zija zikatha, munthu woyamba kufika amadikirabe masekondi 35, ndipo mwatsoka amakhala bwana. Komanso poti masikirini onse 8 amadzitsitsimutsa okha, m'masekondi 35 amene yankho latsopano likuphikidwa, enanso angapo afika, apeza mphika ulibe kanthu, aliyense n'kutumiza kweri yakeyake. Seva imapuma mphindi 5 kenako n'kumenyedwa ndi onse nthawi imodzi. Zimatheka kutchinga: woyamba amatenga loko ndi `SET ... NX`, enawo amapatsidwa yankho lakale mpaka latsopano lipse. Koma ndi kodi yoti mulembe ndi kuisamala.

Munga wachiwiri ndi zosefera. Dashibodi yanu ili ndi posankha depoti ndi masiku?

Nambewe: Eya, ilipo. Mamanijala amasankha depoti yawo, mbewu, ndi masiku kuyambira pakuti mpaka pakuti.

aZulu: Ndiye kusankha kulikonse ndi funso lina, lofuna kiyi yake. Wa ku Kapiri akasankha mtedza kuyambira pa 3 mpaka pa 17, palibe anafunsapo zimenezo, kashi ilibe kanthu, adikire. Kashi ya mtundu umenewu imakoma pamene anthu ambiri akufunsa funso lofanana ndendende.

Nachisale: Pa mawu akuti ndendende, ndiloleni ndiponyepo yanga ngakhale si ya PostgreSQL. Ife deta ya pulojekiti yathu ili pa BigQuery, kumene timalipira molingana ndi kuchuluka kwa deta imene kweri yawerenga. Kumeneko kashi imabwera yokha: ukabwereza kweri yomweyo, tebulo isanasinthe, yankho limachokera mosungira kwa maola pafupifupi 24 ndipo sulipira. Ine ndinkadalira zimenezo. Mwezi utatha bilu inabwera yoti ndinayamba ndapukuta magalasi. Titafufuza, kweri iliyonse inali ndi `CURRENT_TIMESTAMP()` mu `WHERE`. Kweri yokhala ndi zimenezo siisungidwa, chifukwa yankho lake limadalira nthawi imene wafunsa. Dashibodi inkawerenga tebulo yonse nthawi iliyonse, ife tili phee kuganiza kuti tikudya zaulere. Tinakonza pongoti pulogalamu izilemba deti yeniyeni mu kweri, monga `'2025-06-01'`.

aPhiri: Ngakhale pa Redis zimachitika zimenezo, ukapanga kiyi kuchokera ku mawu a kweri, muli nthawi mpaka masekondi. Kiyi iliyonse yatsopano, palibe imene imapezekanso.

Nambewe: Ndamva. Ndiye ngati si Redis, nditani? Lero ndachotsa kaye zodzitsitsimutsa mphindi iliyonse, ndaika mphindi 10, ndipo sikirini ya mu ofesi ndaizimitsa. Zapepukako, koma kutsegula kukadali masekondi 40 mpaka 50.

aZulu: Musasunge yankho lomaliza, sungani chidule chimene mayankho onse angachokeremo. Mafunso onse a dashibodi yanu amathera pa zinthu zitatu: tsiku liti, depoti iti, mbewu yanji. Ndiye phatikizani malisiti onse kufika pa mzere umodzi pa tsiku, pa depoti, pa mbewu. Madepoti 24 kuchulukitsa ndi mbewu 4 ndi mizere 96 pa tsiku. Zaka 6 ndi masiku pafupifupi 2,190. Ngakhale mukanamagula mbewu zonse tsiku lililonse, Khirisimasi yomwe, chidule chikanangopitirira pang'ono mizere 210,000. Poti mumagula kwambiri miyezi yokolola yokha, chikhala chochepera apo. Kuphatikiza mizere yotereyi ndi ntchito yosakwana sekondi, ndipo aliyense angasefe mmene akufunira.

Njira yachidule yoyambira ndi iyi:

```sql
CREATE MATERIALIZED VIEW chidule_mv AS
SELECT tsiku, depoti, mbewu,
       sum(kg) AS kg, sum(ndalama) AS ndalama,
       count(*) AS malisiti
FROM malisiti
GROUP BY tsiku, depoti, mbewu;
```

Mabokosi onse aziwerenga ku `chidule_mv`, ndipo `cron` iziyendetsa `REFRESH` mphindi 15 zilizonse.

Nambewe: Ndaona mwachotsa `avg(mtengo)`. Bwana amaufuna mtengo wapakatikati, ndi bokosi limene amayamba kuyang'ana.

aZulu: Ndachotsa dala. Mtengo wapakati suphatikizika kawiri. Tiyerekeze Lolemba mwagula makilo 100 pa K1,000, Lachiwiri makilo 900 pa K1,200. Mukasunga mtengo wa tsiku lililonse kenako n'kutenga pakati pa awiriwo, mupeza K1,100. Koma ndalama zimene zatuluka ndi K100,000 kuphatikiza K1,080,000, zonse K1,180,000, pa makilo 1,000. Mtengo weniweni ndi K1,180 pa kilo. Kusiyana kwa K80 pa kilo, pa lole ya matani 30, ndi K2,400,000. Ndiye mu chidule muzisunga zinthu zophatikizika zokha, makilo, ndalama ndi chiwerengero cha malisiti, ndipo kugawa kuzichitika kumapeto: `sum(ndalama) / sum(kg)`. Kunena zoona ngakhale `avg(mtengo)` yanu yakaleyo inali yokhota, chifukwa imaona lisiti la makilo 5 ndi la makilo 500 ngati ofanana.

Nambewe: Ndiye nambala ya pa dashibodi isintha, ndipo andifunsa chifukwa chake. Mayo ine.

Nachisale: Afotokozereni ndi chitsanzo cha Lolemba ndi Lachiwiri chomwecho, pa pepala, musanasinthe. Akaona okha nambala yasintha adzati mwaononga sistimu.

Nambewe: Ndabweranso, papita masiku awiri. Chidule chatuluka mizere 61,000 yokha, dashibodi ikutsegula ngati mphezi, bwana mpaka anafunsa ngati tagula kale seva ija. Koma pali chachilendo. Nthawi zina imaumanso gwa kwa theka la mphindi kapena kuposera, kenako n'kumasuka yokha. Ndaona kuti zikuchitika pa :00, :15, :30 ndi :45.

aZulu: Imeneyo ndi `REFRESH` yanu. Ikamayenda mwa wamba imatseka chitseko, palibe angawerenge chidulecho mpaka ithe. Gwiritsani ntchito `REFRESH MATERIALIZED VIEW CONCURRENTLY`, ilipo kuyambira PostgreSQL 9.4. Anthu amapitiriza kuona zakale pamene zatsopano zikukonzedwa.

Nambewe: Yakana. Ikuti:

```
HINT: Create a unique index with no WHERE clause on one
or more columns of the materialized view.
```

aPhiri: Indekisi! Ndinanena ine!

aZulu: Hahaha lero ndi tsiku lanu, aPhiri. Ikufuna njira yozindikirira mzere uliwonse, chifukwa imawerenga zonse pambali kenako n'kufananiza zatsopano ndi zakale, n'kusintha zosiyana zokha.

```sql
CREATE UNIQUE INDEX ON chidule_mv (tsiku, depoti, mbewu);
```

Dziwani kuti ikuwerengabe mizere yonse 8 miliyoni nthawi iliyonse, ndipo kawirikawiri imatenga nthawi yotalikirapo kusiyana ndi ya wamba chifukwa cha kufananizako. Koma kamodzi pa mphindi 15, seva yanu ikwanitsa bwinobwino. Kunena mosabisa, mukhoza kuima pomwepa chaka chonse. Ndi njira yopusa, koma ubwino wake ndi womwewo: poti imayambira pachiyambi nthawi zonse, chilichonse chimene chasintha mu `malisiti` chimalowa chokha.

Nambewe: Ndikanakonda kuima pomwepa, koma walira mvula walira matope. Ataona kuti ikuthamanga, bwana akuti Lachitatu ndi Loweruka, masiku amene katundu amachuluka, akufuna manambala osapitirira mphindi 2, kuti adziwe kotumiza lole ndi kumene ndalama zikutha. `REFRESH` panopa ikutenga masekondi 50. Kuiyendetsa mphindi 2 zilizonse ndiye kuti seva izikhala pa ntchito yomweyo pafupifupi theka la tsiku, pamene matabuleti nawonso akufuna kulemba.

aPhiri: Chophweka. Pangani tebulo wamba ya chidule. Masiku akale muwawerenge kamodzi n'kuwasiya. Mphindi 2 zilizonse muziwerenganso za lero zokha, `WHERE tsiku = current_date`. Mizere masauzande ochepa, ndi indekisi yanga ija, sekondi imodzi siikwana.

aMwale: Ndinati ndikhala chete koma apa ndifunse, mwina ndasokonezanso. Mukati za lero zokha, nanga malisiti athu amene amafika mochedwa? Kuno tikapita kukagula m'midzi ya kufupi ndi malire, netiweki imasowa, nthawi zina foni imangogwira ya ku Zambia. Tabuleti imasunga malisiti m'mimba mwake. Sabata yatha tinagula Lachinayi ndi Lachisanu, koma zinakwera Lolemba nditafika pa Mkanda penipeni, nditaima pa chulu kuseri kwa depoti. Pa lisiti deti imakhala ya Lachinayi lomwelo. Ndiye zimenezo zidzawerengedwa liti?

aZulu: aMwale, funso lanu ndi limene lagwira nkhani yonse. Mwa njira ya aPhiri, sizidzawerengedwa mpaka kalekale. Lolemba sistimu ikuyang'ana za Lolemba zokha, malisiti a Lachinayi alowa mwakachetechete mu tebulo yaikulu, chidule cha Lachinayi chatsala mmene chinalili. Palibe uthenga wa vuto, dashibodi ikuthamanga bwino, koma matumba a ku Mkanda mulibe. Zidzaululika pa kutha kwa mwezi, a zachuma akapeza ndalama zotuluka zikuposa katundu wa pa dashibodi, ndipo woyamba kukayikiridwa adzakhala kalaliki wa pa sikelo.

aMwale: Ndiye ine amene. Chonde konzani bwino.

aPhiri: Ndiye tiziwerenganso masiku 7 apitawa m'malo mwa lero lokha.

aZulu: Zikhoza kugwira zambiri, mpaka tsiku limene tabuleti idzafe batire n'kukhala m'kabati masabata awiri. Funso labwino si lakuti lisiti ndi la tsiku liti, koma lakuti lafika kapena lasinthidwa liti pa seva. Nambewe, onjezani danga la `nthawi_yosintha`, lodzazidwa ndi seva osati tabuleti, chifukwa mawotchi a matabuleti sadalirika. Mzere ukalowa lizilembedwa, ukakonzedwa thiriga izilisinthanso. Muike indekisi pamenepo ndi pa `tsiku`. Kenako ntchito ya mphindi 2 izifunsa kuti: ndi masiku ati amene akhudzidwa posachedwapa? Masiku amenewo okha ndiwo aziwerengedwanso, athunthu.

```sql
BEGIN;
CREATE TEMP TABLE masiku ON COMMIT DROP AS
  SELECT DISTINCT tsiku FROM malisiti
  WHERE nthawi_yosintha > now() - interval '30 minutes';
DELETE FROM chidule
  WHERE tsiku IN (SELECT tsiku FROM masiku);
INSERT INTO chidule
  SELECT tsiku, depoti, mbewu, sum(kg), sum(ndalama), count(*)
  FROM malisiti
  WHERE tsiku IN (SELECT tsiku FROM masiku)
  GROUP BY 1, 2, 3;
COMMIT;
```

Lolemba aMwale akakwera pa chulu, `masiku` mukhala Lolemba, Lachinayi ndi Lachisanu. Masiku atatu, mizere mwina 30,000 m'malo mwa 8 miliyoni. Poti kufufuta ndi kulembanso zili pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT`, woyang'ana dashibodi saona dzenje, amaona zakale mpaka zatsopano zitakhazikika.

Nambewe: Bwanji osangowonjezera makilo atsopanowo pamwamba pa akale, m'malo mofufuta tsiku lonse?

aZulu: Chifukwa kuwonjezera kukachitika kawiri mwangozi, makilo amawirikiza ndipo simudziwa. Kuwerenganso tsiku lonse mukhoza kubwereza kakhumi, yankho ndi lomwelo. Pa ntchito yoyenda yokha usiku ndi usana, sankhani njira yosaopsa kuibwereza.

Nachisale: aZulu, ndikuona bowo. Mwalemba mphindi 30. Nanga ntchitoyo ikaima maola atatu, kaya seva yazimitsidwa kaya `cron` yafa? Ikadzuka iyang'ana mphindi 30 zapitazo zokha. Ngati malisiti a Lachinayi anafika mkati mwa maola atatu aja, adumphidwa.

aZulu: Mwandigwira, Nachisale, ndinafupikitsa kwambiri. Zoona zake, pakhale katebulo kakang'ono kosunga nthawi imene ntchitoyi inayamba ulendo womaliza umene inatha bwino. Ulendo wotsatira iziyambira pamenepo, kubwerera m'mbuyo mphindi 10. Kubwererako kuli ndi chifukwa: mu PostgreSQL `now()` imapereka nthawi imene thiranzakishoni inayamba, osati imene inatha. Tabuleti ikayamba kukweza 10:00 pa netiweki yofooka n'kumaliza 10:03, mizere yake ikhoza kulembedwa 10:00 koma n'kuonekera 10:03. Ntchito ya 10:02 siiona, ya 10:04 ikayambira pa 10:02 ndendende siionanso. Mphindi 10 zija ndi zotolera otsalira oterewa.

Nambewe: Nanga lisiti likafufutidwa? Zimachitika, kalaliki akalemba kawiri, akuluakulu amachotsa limodzi.

aZulu: Mzere wofufutidwa ndi `DELETE` susiya phazi, ntchito yanu siingadziwe kuti tsiku lija lakhudzidwa. Musamafufute, muziika chizindikiro choti lathetsedwa, `nthawi_yosintha` isinthe, ndipo pophatikiza muzisiya othetsedwawo. A zachuma adzakuthokozaninso. Chovuta china ndi wina akakonza deti ya lisiti, kuchoka pa 12 kupita pa 13. Ntchito iona 13 yokha, pa 12 makilo atsalabe, ndiye awerengedwa kawiri. Kumeneko thiriga iyenera kulemba deti yakale penapake kuti nayonso iwerengedwenso. Kapena, njira ya ulesi imene ine ndimaikonda: usiku uliwonse 2 koloko, mangani chidule chonse kuchokera pachiyambi. Mphindi imodzi pamene aliyense ali mtulo, zokhota zonse za masana zawongoka.

aPhiri: Ndiye mwabwerera ku zomwe zija za kuwerenga tebulo yonse. Ine ndikuonabe kuti masiku 7 anga kuphatikiza kumanganso kwa usiku zikukwana, popanda mathiriga ndi katebulo ka nthawi. Kodi yochepa, zofa zochepa.

aZulu: Mukaphatikiza ndi ya usiku, sindikutsutsani kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti lisiti lochedwa kuposa sabata lidikira mpaka m'mawa, ndipo muziwerenga masiku 7 mphindi 2 zilizonse ngakhale sanasinthe. Nambewe ayeze kuti masiku 7 a pakati pa nyengo akutenga masekondi angati. Zikakhala zochepa, njira yanu ndi yabwino.

Koma chimodzi ndikupemphani, njira iliyonse imene musankhe. Pamwamba pa dashibodi palembedwe nthawi imene chidule chinakonzedwa komaliza, yochokera mu katebulo kaja, osati wotchi ya kompyuta ya woyang'anayo. Ikapitirira mphindi 10 isanduke yofiira. Ine zinandionekera kumene ndinkagwira ntchito kale. Tinasintha pasiwedi ya databezi Lachisanu madzulo, n'kuiwala kuti ntchito ya `cron` ikugwiritsa yakale. Dashibodi inkatsegula mwachangu kuposa kale lonse, poti panalibe choisokoneza. Mpaka Lachiwiri anthu ankapanga ziganizo ndi manambala a Lachisanu. Lole inapita kukatenga katundu amene anali atanyamulidwa kale Loweruka, inabwera yopanda kanthu, dizilo atapsa. Dashibodi yochedwa aliyense amadandaula tsiku lomwelo. Yogona palibe amadziwa.

aMwale: Koma nthawi imeneyo isawanamizenso mabwana. Ikalemba kuti 10:42, iwo aziganiza kuti zonse za mpaka 10:42 zilimo, pamene matumba anga 200 akadali m'tabuleti m'chikwama.

Nachisale: Apa aMwale anena zoona. Kashi ikhoza kukhala yatsopano koma deta isanafike. Ine ndikanaika kabokosi kena kosonyeza depoti iliyonse ndi nthawi imene inatumiza komaliza. Mkanda ikaoneka kuti yakhala chete kuyambira Lachitatu, bwana adziwa kuti ziro ameneyo si kuti sanagule.

Nambewe: Ndayesa zonse ziwiri usiku. Masiku okhudzidwa okha: sekondi imodzi sikukwana. Masiku 7 a aPhiri: masekondi 3 mpaka 4. Zonse n'zotheka. Ndayamba ndi ya aPhiri chifukwa Loweruka layandikira ndipo thiriga sindinailembepo, ndikuopa kuika chinthu chatsopano pa tebulo imene matabuleti 24 akulembamo pakati pa nyengo. Ya usiku ndaika, nthawi ya pamwamba ndaika, kabokosi ka Nachisale ndikupanga lero. Za seva yatsopano bwana sakuzitchulanso.

Latsala bokosi limodzi limene landikanika: chiwerengero cha alimi amene atigulitsa. Ndinaika `count(DISTINCT mlimi)` mu chidule, nditaphatikiza masiku a mwezi wa Meyi yatuluka nambala yoposa alimi onse amene tinawalembetsa.

aZulu: Ndi m'bale wake wa mtengo wapakati uja. Mayi amene wabwera Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka ndi munthu mmodzi, koma mu chidule cha tsiku ndi tsiku waoneka katatu. Chiwerengero chotere sichiphatikizika. Ngati bwana akufuna cha nyengo yonse basi, chiwerengeni padera usiku, kamodzi. Ngati akufuna kusankha masiku alionse, pafunika tebulo ina ya mzere umodzi pa mlimi, pa tsiku, pa depoti, ndipo imeneyo siichepa kwambiri ngati chidule chinachi.

aPhiri: Pali zowonjezera za PostgreSQL zowerenga moyerekeza, za HyperLogLog, zimene zimaphatikizika masiku. Zimaphonya pang'ono chabe.

Nambewe: Nambala imeneyi imapita mu lipoti la kwa amene amatibwereka ndalama zogulira mbewu. Sindikudziwa ngati angalandire yoyerekeza, ndipo sindikudziwanso ngati kumene tinabwereka seva amalola kuika zowonjezera. Ndikawafunsa bwana mawa ngati akufunadi kusefa alimi ndi masiku kapena anangozolowera kuona bokosilo. Pakadali pano ndalilemba kuti "mpaka dzulo usiku".

aMwale: Achemwali, Loweruka tikupitanso kumalire, tikabwera Lolemba kapena Lachiwiri. Ndikakwera pa chulu ndidzakuimbirani, mudzayang'ane ngati Loweruka la Mkanda lasintha pa sikirini yanuyo.

Nambewe: Mudzandiuze ndi chiwerengero cha matumba cha m'kope lanu, ndidzafananize.